Mayi anga akulankhulabe ndi malemu bambo: kodi akanirira pa gawo loyamba la chisoni?

Nachisale

Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya kunyumba kwathu, ndipo ndikupempha makamaka a Jere ndi ena odziwa za maganizo a munthu kuti andiunikire. Bambo anga anatisiya mu Okutobala chaka chatha, moti tsopano patha miyezi 9. Kuntchito kwathu anatiphunzitsa za uphungu kwa masiku ochepa, ndipo mphunzitsi anatijambulira pa bolodi magawo asanu amene akuti namfedwa amadutsamo: kukana kuti zachitikadi, mkwiyo, kuchonderera, kukhumudwa kwakukulu, kenako kuvomereza. Chibwerere ku maphunzirowo mtima wanga suli m'malo.

Sabata yatha ndinapita kumudzi kukawaona mayi. Jekete ya malemu idakali pa msomali womwe uja kuseri kwa chitseko, ndipo m'mawa uliwonse amaikuntha fumbi. Madzulo ena titamaliza kuthira chimanga m'matumba, ndinawamva ali pakhonde akunena chapansipansi kuti, "A Chisale, chaka chino tapeza matumba 14, munda wa kudambo uja wachita bwino." Nditawafunsa, anandiyankha mosachita manyazi kuti bambo amawabwerera kutulo ndipo nthawi zina amamva ngati akhala pampando wawo. Malinga ndi zimene ndinaphunzira, uku ndi kukana, gawo loyamba lenilenilo, ndipo munthu amene wakhala pamenepo miyezi 9 ndiye kuti wakanirira. Kodi ndichotse jeketeyo ndi kuwauza kuti asiye kulankhula ndi munthu amene anapita, kapena ndipite nawo kuchipatala?

Mkulu Mbewe

Pepani mwana wanga ndi zovutazo. Ine sindinaphunzire za uphungu, koma ndayendetsa maliro ambiri, a mpingo ndi a kumudzi omwe. Ndikuona ngati azunguwo anangolemba m'buku zimene makolo athu ankadziwa kale, chifukwa nafenso maliro athu ali ndi magawo. Pali kubuma pamene uthenga wamveka, pali kugona pa siwa, pali kuika m'manda, pali kumeta patapita masiku ochepa, ndipo pali mwambo wotsiriza umene kale unkabwera anthu atakolola, pamene wamasiye ankasudzulidwa kuti ayambenso moyo wake. Masiku ano ambiri amauphatikiza ndi kuvundukula chiliza. Choncho ine ndikuti mayi anu sanafike kumapeto chifukwa mwambo wotsirizawo sunachitike. Mukadzamanga chiliza, zolankhula ndi malemuzo zidzatha zokha, ndipo gawo la kuvomereza limene mukulinenalo lidzafika tsiku lomwelo.

Jere

Pepani Mayi Nachisale. Poyamba ndikupempheni kuti jeketeyo musaikhudze. Ndifotokoze chifukwa chake, ndipo ndiyambire kumene magawo asanuwo anachokera, popeza ophunzitsa ambiri amadumpha pamenepo.

Amene anawalemba ndi Elisabeth Kübler-Ross, dokotala wa matenda a maganizo wobadwira ku Switzerland, m'buku limene linatuluka mu 1969. Iye ankagwira ntchito pa chipatala china ku Chicago, ndipo anthu amene ankacheza nawo sanali anamfedwa ayi. Anali odwala amene anauzidwa kuti matenda awo sachira. Mukakumbukira zimenezi, magawowo amamveka bwino. Wodwala amene wauzidwa kuti ali ndi khansa amatha kunena kuti madokotala alakwitsa, ndipo amatha kuchonderera Mulungu kuti amuonjezere masiku kufikira mwana wake atakwatiwa. Kuchonderera kotero kuli ndi tanthauzo kwa munthu amene imfa idakali kutsogolo kwake. Patapita nthawi anthu anatenga ndondomekoyo n'kuiveka anamfedwa, ndipo inafala m'makalasi ndi m'mabuku a uphungu ngati kuti inayesedwa pa anamfedwawo, pamene mwini wake sanaipeze poyeza anthu m'kupita kwa miyezi, koma pomvetsera nkhani za odwala. Iye mwini anachenjeza kuti magawowo sabwera motsatana mwa aliyense, koma chenjezolo silifika pa bolodi.

Tsono pa za mayi anu. Kukana ndi pamene munthu sakuvomereza kuti imfa yachitika. Mayi amene akuuza malemu kuti "chaka chino tapeza matumba 14" akudziwa bwino lomwe kuti mwamuna wawo sanakolole nawo, n'chifukwa chake akuwafotokozera. Dokotala wina wa kumudzi ku Wales, dzina lake Dewi Rees, anafunsa amasiye 293 ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 1971. Pafupifupi theka la iwo ananena kuti anamvapo ngati malemu ali pafupi, ena anawaona kapena kumva mawu awo, ndipo ambiri mwa iwo anati zimenezo zinkawatonthoza. Ambirinso anali asanauzepo munthu aliyense, ena poopa kusekedwa. Mayi anu ali ndi mwayi woti amakhala pamalo pamene kulota malemu si chinthu chobisa.

A Mbewe, mwakhudza chinthu chenicheni, koma pali kusiyana kumene sindikufuna kuti kutayike. Magawo a mwambo amauza anthu chochita ndi tsiku lochitira: adzukulu akumbe manda, amayi agone m'nyumba ya siwa, abale ametedwe, wamasiye amasulidwe. Sauza mtima chimene uyenera kumva tsiku limenelo. Magawo asanu aja, mmene amaphunzitsidwira, amalamula mtima, ndipo munthu amene sanakwiyepo amayamba kudzikayikira kuti mwina sankamukonda malemu. Sindingakulonjezeni kuti mayiwa adzasiya kulankhula ndi malemu chiliza chikadzavundukulidwa, ndiponso sindikuona chifukwa choti asiyire.

Zimba

Ine ndikudabwa kuti tikufuna kuthetsa miyambo ya maliro chifukwa cha mabuku a kunja. Lero akuti tisagone pa siwa, mawa adzati tisamange ziliza. Ngati vuto ndi ndalama zimene zimathera pa maliro, tinene poyera kuti bokosi ndi chakudya zakwera mtengo, osati kuzembera ku Chicago.

Nachisale

Ayi a Zimba, palibe amene wanena zothetsa mwambo. Funso langa ndi lakuti ndingadziwe bwanji ngati chisoni cha mayi chili m'njira yake kapena chasanduka matenda. A Jere, mwandikhazika mtima pansi pang'ono, koma mphunzitsi wathu uja ananena kuti pali kafukufuku amene anatsimikizira magawowo. Kodi ananama?

Jere

Sananame kwenikweni, koma ananena theka la nkhani. Ndikukhulupirira kuti ankanena za kafukufuku wa pa yunivesite ya Yale wa mu 2007, amene anatsatira anamfedwa 233 ku Connecticut, dera la ku Amereka, kwa zaka ziwiri. Ofufuzawo anayeza zinthu zisanu: kusakhulupirira, kulakalaka malemu, mkwiyo, kukhumudwa ndi kuvomereza. Anapeza kuti akaphatikiza anthu onse, chilichonse chinkafika pachimake pa nthawi yake motsatana, ndipo mpamene ena amati magawo atsimikizika. Koma m'ziwerengero zomwezo muli zinthu ziwiri zimene zimagwetsa chithunzi cha pa bolodi chija. Choyamba, kuvomereza ndi kumene anthu ankakutchula kwambiri kuposa zina zonse kuyambira miyezi yoyambirira, sikunadikire kumapeto. Chachiwiri, ululu waukulu sunali kukana kapena mkwiyo, unali kulakalaka malemu, kumene m'magawo asanu a Kübler-Ross mulibe n'komwe. Kuonjezera apo, chithunzi cha gulu lonse sichinena kuti munthu mmodzi amayenda motero, monga mmene mvula ya chaka chonse ya boma lonse singakuuzeni tsiku limene inagwa pamunda panu. Anthuwo analinso a dera limodzi la ku Amereka, ndipo abale awo anamwalira ndi matenda, osati pa ngozi kapena chiwawa.

Chimene ndaona kuti chimagwirizana ndi anamfedwa amene ndimakumana nawo ndi ganizo la Margaret Stroebe ndi Henk Schut a ku Utrecht m'dziko la Netherlands, la mu 1999. Iwo anati namfedwa amapita uku ndi uku: nthawi ina ali ndi malemu, kulira ndi kukumbukira, nthawi ina ali ndi moyo umene watsala, kufunafuna feteleza ndi kuphunzira ntchito zimene malemu ankagwira. Kupuma pa chisoni si kuthawa, ndipo kubwereranso ku chisoni si kubwerera m'mbuyo. Mayi anu analima, anapalira, anakolola matumba 14, kenako madzulo n'kukhala pakhonde kulankhula ndi mwamuna wawo. Mbali zonse ziwiri zikuoneka pa tsiku limodzi.

Saidi

Ndilowererepo ngati Msilamu wa ku Mangochi. Kwathu masiku olira maliro ndi atatu, koma mkazi amene mwamuna wake wamwalira amakhala eda ya miyezi 4 ndi masiku 10, ndipo ambiri timachita sadaka pa tsiku la 40. Timaphunzitsidwanso kuti misozi ndi yololedwa koma kulira mokuwa ndi kudzigwetsa pansi sikuyenera. Mlamu wanga, amene ndi Mchewa, atabwera pa maliro a amalume anga anabwerera ali wokhumudwa, akuti tinaika munthu tsiku lomwelo ndipo panalibe kubuma, ngati kuti tataya mlendo. Ineyonso nditapita ku maliro a kwawo ndinadabwa ndi mmene amayi ankalirira akamalowa pabwalo, kenako n'kukhala pansi kuyamba kucheza. Tonsefe tinaweruzana molakwa ngakhale tili anthu a dziko limodzi. Ndiye munthu wonyamula magawo asanuwo akanati ife tili pa kukana, ndipo iwo ali pa kukhumudwa?

Jere

Ndi momwemo a Saidi, ndipo chitsanzo chanu chikufanana ndi zimene mayi wina wofufuza za chikhalidwe, Unni Wikan wa ku Norway, analemba mu 1988. Iye anakhala pakati pa anthu osauka a mu mzinda wa Cairo ndiponso pakati pa Asilamu a kumpoto kwa chilumba cha Bali ku Indonesia. Onsewo ndi a chipembedzo chimodzi. Ku Cairo mayi amene mwana wake wamwalira ankatha kukhala m'chisoni chachikulu chooneka kwa zaka, ndipo anthu omuzungulira ankaona kuti ndi zoyenera. Ku Bali namfedwa ankayembekezeka kuonetsa nkhope yowala, ndipo abale ankamuseketsa mwadala, chifukwa ankakhulupirira kuti chisoni chimafooketsa thupi ndi kuitana matenda. Mlangizi wodalira magawo akanalemba kuti wa ku Cairo wakanirira pa kukhumudwa ndipo wa ku Bali sanachoke pa kukana, ndipo akanalakwitsa kawiri konse, popeza aliyense ankachita zimene kwawo zimatanthauza kulira bwino.

Nangondo

Ndawerenga zonse ndipo ndikugwirizana nazo zambiri, koma ndikuopa kuti tikuukweza mwambo ngati kuti sulakwa. Ine ndinabereka mwana wakufa zaka 6 zapitazo. Anati ndi mtayo. Amayi akuluakulu ochepa anamutenga m'kansalu n'kukamuika okha, ine ndili chigonere, ndipo mpaka lero malo ake sindiwadziwa bwino. Panalibe siwa, panalibe nyimbo, panalibe chipepeso. Azakhali anandiuza kuti ndisalire chifukwa ndingatseke njira ya ana ena. Ndinamvera, ndipo patatha sabata ziwiri ndinali kumsika. Aliyense ankati ndalimba mtima. Koma mkaka unkatuluka, ndipo usiku ndinkadzuka kukatsegula chikwama mmene munali timalaya ndi kabulangete kamene ndinagula ndili ndi pakati pa miyezi 7. Kwa zaka ziwiri sindinkatha kunyamula khanda la munthu wina, moti mng'ono wanga atachira ndinanamizira kudwala kuti ndisapite.

Mwa magawo asanu aja ndikanaoneka ngati ndavomereza msanga. Mwa mwambo ndinali mkazi womvera. Zonse ziwiri sizinandione. Choncho mukamanena kuti tiyeze munthu malinga ndi zimene kwawo amayembekezera, nanga ngati kwawoko amayembekezera kuti asalire n'komwe?

Mkulu Mbewe

Pepani kwambiri mayi. Makolo ankachita zimenezo pofuna kuti mayi asakhalitse m'chisoni ndipo atenge pakati pena msanga, chifukwa masiku amenewo ana ankamwalira kwambiri. Komabe ndikuvomereza kuti ife amuna sitinkafunsa n'komwe mmene mayiyo akumvera, popeza mwambo unkati nkhaniyo ndi ya amayi. Mwandipatsa choganizira pa mmene timayendera mabanja otere mu mpingo.

Jere

Mayi Nangondo, zikomo potiuza chinthu chowawa chotere. Funso lanu lafika pamene muyeso wa madokotala umafookera, ndipo ndiufotokoze kuti Mayi Nachisale apezenso yankho lawo.

Pali matenda amene tsopano akudziwika, a chisoni chokhalitsa. Buku la matenda la bungwe loona zaumoyo padziko lonse, ICD-11, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, limati munthu akhale akulakalaka malemu kapena kuwaganizira mosalekeza, ndi ululu waukulu wa mumtima, kwa miyezi yosachepera 6, mpaka kulephera kuyendetsa moyo wake, ndiponso kuti kutalika kwakeko kupitirire zimene chikhalidwe ndi chipembedzo chake zimayembekezera. Buku la madokotala a ku Amereka, DSM-5-TR, la chaka chomwecho, limaika miyezi 12 kwa munthu wamkulu. Taonani kuti mayi a Nachisale, pa miyezi 9, apitirira malire a buku lina koma sanafike a linzake. Kalendala yokha singatiuze kanthu, ndipo akatswiri enieniwo sanagwirizane pa chiwerengerocho.

Choncho ine ndikanakhala pakhonde paja ndikanafuna kudziwa izi. Kodi mayi akudya, ndipo zovala zawo sizinayambe kukhwepa? Kodi akugona, kapena amakhala maso usiku wonse masiku ambiri? Kodi amapita ku tchalitchi, kumsika, ku maliro a anthu ena, kapena anadzitsekera? Akalankhula ndi malemu, amadzuka pamenepo atapepukidwa kapena atasweka? Ndikanafunsanso amayi anzawo a msinkhu wawo, osati ana ophunzira a m'tauni, ngati akuona chachilendo. Pali zinthu ziwiri zimene sizidikira mwezi uliwonse. Ngati anena kuti akufuna kutsatira malemu, kapena kuti moyo ulibenso ntchito, muwafunse mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, muchotse m'nyumba mankhwala a m'munda ndi oteteza chimanga ku anankafumbwe, ndipo mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Kufunsa sikumuika munthu maganizo amene analibe. Chachiwiri, ngati ayamba kuphika nsima ya anthu awiri n'kumakwiya kuti a Chisale achedwa kumunda, kapena kusochera panjira imene amaidziwa, pamenepo si chisoni chokha. Kwa munthu wachikulire zingakhale matenda oiwalaiwala kapena kusokonezeka kobwera ndi matenda a m'thupi, ndipo afunika kupimidwa.

Mwa mafunso amenewa Mayi Nangondo akanaoneka, chifukwa kusagona ndi kuthawa makanda kwa zaka ziwiri ndi zizindikiro zomveka. Koma akanaoneka pokhapokha wina akanafunsa, ndipo mwambo unali utatseka kale pakamwa pa ofunsa. Ndiye ndikuvomereza kuti mawu akuti "zimene chikhalidwe chimayembekezera" amateteza mayi a Nachisale kuti asatchedwe odwala popanda chifukwa, koma sathandiza pamene chikhalidwecho sichiwerengera imfayo ngati maliro. Mmene tingagwirizanitsire ziwirizi ndi nkhani imene ifenso pantchito timatsutsana.

Phiri wa ku Joni

Ndionjezere za ife amene tili kunja. Mchimwene wanga anamwalira ndili kuno, ndipo mapepala anga sanali bwino moti ndikanapita sindikanabwerera. Mwambo wonse ndinauonera pa foni, ndili m'chipinda chosinthira zovala kuntchito, mpaka netiweki inaduka adzukulu akutsitsa bokosi. Kwa chaka chathunthu ndinkapezeka ndatsegula nambala yake kuti ndimuimbire. Mnzanga wina wowerenga mabuku anandiuza kuti ndili pa kukana. Ine ndinkadziwa kuti anamwalira, popeza ndine ndinatumiza ndalama ya bokosi. Chimene chinasintha zinthu ndi tsiku limene ndinafika kumudzi, amayi atandiona n'kuyamba kubuma ngati maliro achitika dzulo, ndipo amalume ananditengera kumanda m'mawa mwake. Ndiye ine ndikuima ndi a Mbewe pang'ono: mwambo umachita kanthu mumtima, suli wa kunja kokha.

Jere

Pamenepo sindikutsutsani a Phiri. Kuona manda ndi maso, ndiponso kulira pamodzi ndi anthu amene ankamudziwa malemu, kumachita zimene foni singachite. Chimene ndikukana ndi lonjezo loti mwambo ukatha mtima umatseka nkhani tsiku lomwelo kwa aliyense, chifukwa wamasiye amene adakali ndi ululu atasudzulidwa angayambe kudziona ngati wolephera, monga yemwe uja wolephera magawo asanu.

Nachisale

Ndaimbira foni mayi aang'ono amene amakhala nawo pafupi, ndipo ndawafunsa mafunso a Jere limodzi ndi limodzi. Akuti mayi akudya bwino, sanajombepo ku Chigwirizano Lachinayi, ndipo mwezi watha anagona masiku awiri pa siwa m'mudzi woyandikana nawo. Ndi iwonso amene akusunga ndalama ya simenti ya chiliza, chimene tikufuna kuvundukula mu Seputembala. Nditatchula za jekete, mayi aang'ono anaseka n'kunena kuti chipewa cha malemu amuna awo chakhala pa msomali zaka 11. Chimodzi chokha chandidetsa nkhawa: akuti masiku ena mayi amadzuka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha n'kukhala panja mpaka kuyera. Sindikudziwa ngati ndi kawirikawiri. Ndipita Loweruka ndikagone masiku atatu kuti ndione ndekha, ndipo jeketeyo ndikaisiya pomwepo.

Nangondo

Mukapita, musakangowayang'anira patali. Mukawamva atuluka m'bandakucha, mukatenge chitenje mukakhale nawo panjapo, ndipo mukawafunse zimene a Chisale anena kutulo.